Kuchoka pa tsitsi lakuda kufika pa bulondi wooneka ngati wobadwa naye

"Anti, ine ndimakhala ku Rosettenville. Tsitsi langa ndi lachibadwa, sindinaikepo rilakisa, ndipo ndikalikoka limafika masentimita 15. Mu Disembala ndinapaka dayi wakuda wa m'kabokosi. Pano ndikufuna bulondi wofanana ndi meshi ya nambala 27 kuti ndikapite naye kumudzi pa Khirisimasi. Koma mnzanga atapanga lake linatuluka chikasu chokhachokha kuyambira pakhungu, ngati apaka penti. Nditani kuti langa lisaoneke choncho? Popeza tili mu Ogasiti, nthawi ikwana?"

Achemwali, mtima m'malo, nthawi ilipo. Mtundu mwasankhawo ndi umene tsitsi lathu limaulandira bwino kusiyana ndi bulondi woyera mbee wa nambala 613. Mwachitanso bwino kuulula za dayi wakudayo, chifukwa ndi amene alamulire ntchito yonse. N'zotheka ndithu, koma pa maulendo awiri a ku saluni osati tsiku limodzi, komanso si tsitsi lonse limene liyenera kuona bulichi.

Kuno ku Joni mumakumana tsiku ndi tsiku ndi anthu obadwa ndi tsitsi la bulondi. Mukadzaima kumbuyo kwa mmodzi pamzere wa m'shopu, mudzaliyang'anitsitse. Mudzaona kuti kutsinde ndi loderapo, m'kati ndi kunkhongo ndi loderanso, ndipo lowala kwambiri ndi lapamwamba, lozungulira nkhope ndi la kunsonga, kumene dzuwa lamenya nthawi yaitali. Diso linazolowera zimenezo. Likaona mtundu umodzi wofanana kuyambira pakhungu mpaka kunsonga, limadziwa pompo kuti wachita kuikidwa. Pa tsitsi lathu lopotana vutoli limakula, chifukwa silinyezimira ngati lowongoka. Chimene chimaonetsa kupotana kwake ndi mthunzi umene umakhala pakati pa timapiringidzo. Mukayeretsa lonse mthunziwo umatha, mutu n'kungooneka chinthu chimodzi chachikasu chopanda kuya. Choncho bulondi amene tikufuna ali ndi mitundu itatu pamutu umodzi: wakuda wanuwo kutsinde, wabulauni wowala pakati, ndi wa uchi kunsonga.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi kuganiza kuti bulichi amapereka mtundu. Ntchito yake ndi kuchotsa basi. M'tsitsi muli melanini, amene amalipatsa mtundu wake wachibadwa, ndipo bulichi akamamuphwanya, mbali yakuda ndi imene imayamba kuchoka, yofiira ndi yachikasu n'kutsalira. Pantchito yathu timayeza kuda kwa tsitsi ndi malevulo, kuyambira 1 amene ndi wakuda bii mpaka 10 amene ndi woyera kwambiri. Ambiri a ife tili pa 1 kapena 2. Likamayera limadutsa pofiira cha pa levulo 4, pa olenji cha pa 6, olenji wosakanikirana ndi chikasu pa 7, chikasu chenicheni pa 8, kenako pa 10 limafanana ndi m'kati mwa khoko la nthochi. Palibe njira yodumphira masitepe amenewa. Chikasu chowala chimene chimathobwa m'maso chija ndi tsitsi limene lafika pa 8 kapena 9 n'kusiyidwa losaphikika, osaikidwa tona, amene ndiye amapereka mtundu womaliza.

Nambala 27 ya meshi ili pakati pa levulo 7 ndi 8, nambala 30 ili cha pa 6, pamene 613 ili pa 10. Ndiye inu mukufunika kukwera masitepe pafupifupi 6, ndipo n'zokwanira. Kupitirira apo n'kungowononga tsitsi, chifukwa mukafika pa 10 mudzafunikanso kubwezeramo mtundu wa golide umene mwauchotsa ndi mtengo wodula. Komanso nsidze zanu ndi zakuda, khungu lathu ndi lofunda, ndipo bulondi wa uchi amagwirizana nazo popanda kulimbana.

Tsopano za dayi uja. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ena kuposerapo pang'ono. Kuchokera Disembala kufika pano mwamera masentimita 8 kapena 10 atsopano amene sanaonepo mankhwala, ndipo masentimita 5 mpaka 7 a kunsonga ndi amene ali ndi dayi. Apa ndi pamene pali ntchito, chifukwa nsonga zimene tikufuna kuti ziwale kwambiri ndi zomwezo zimene zikana kuyera. Dayi wakuda wokhalitsa amalowa m'kati mwa tsitsi ndipo amachoka mochedwa kuposa melanini. Mukapaka bulichi mofanana paliponse, pakati padzafika pa chikasu pamene nsonga zikadali zofiirira, ndipo pomwe dayi anathera padzatsala mzere wooneka bwinobwino. Musayesenso kugula dayi wa bulondi wa m'kabokosi ku Clicks kapena ku Dis-Chem n'kupaka pamwamba. Dayi sachotsa dayi mnzake. Adzangoyeretsa tsitsi latsopanolo, makamaka pafupi ndi khungu pamene pali kutentha, n'kukusiyani ndi tsinde la olenji ndi nsonga zakuda.

Musanachite china chilichonse, yesani kaye pa katsitsi kochepa. Tengani kachigawo kochokera kumbuyo kwa mutu, m'kati mosaonekera, kokula ngati theka la sentimita. Sakanizani magalamu 10 a ufa wa bulichi ndi mamililita 20 a divelopa wa voliyumu 20, amene ndi perokisaidi wosakanizira bulichi, m'kambale ka pulasitiki, osati kachitsulo. Pakani kuyambira masentimita awiri kuchokera pakhungu mpaka kunsonga, kulungani mufoyilo, ndipo muziona mphindi 10 zilizonse popukuta pang'ono ndi kansalu konyowa. Musapitirire nthawi imene yalembedwa pachitini, imene kawirikawiri imakhala mphindi 45 kapena 50. Mukatsuka, yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, gawo latsopano lafika pati ndipo gawo la dayi lafika pati. Chachiwiri, likokeni pang'ono likadali lonyowa. Tsitsi labwino limatamuka pang'ono n'kubwerera. Likamatamuka osabwerera, likamamveka loterera kapena kuduka m'zala, nsonga zimenezo sizingapirire, ndipo ndi bwino kuzidula kusiyana ndi kulimbana nazo.

Pa tsitsi ngati lanuli, zimene zimatuluka kawirikawiri ndi gawo latsopano pa 7 kapena 8, gawo la dayi pa 5 kapena 6. Zikatero pali njira ziwiri. Ngati simudandaula za kutalika, dulani masentimita atatu kapena anayi, vuto lichepe ndi theka. Ngati mukufuna kusunga, pemphani kuti ayambe ndi mankhwala ochotsa dayi, amene si bulichi. Amenewa amachepetsa tinthu ta dayi kuti titulukemo ndi madzi, ndipo sakhudza mtundu wanu wachibadwa. Amanunkha salifa, ndipo chinsinsi chake chili pa kutsukuluza: mphindi 15 mpaka 20 ndi madzi ofunda, kubwereza shampu kangapo. Akatsukuluza mwachangu, dayi wotsalayo amadanso akakumana ndi divelopa, ntchito yonse n'kubwerera m'mbuyo. Musadabwe nsonga zikatuluka zabulauni wofiirira m'malo mwa zakuda. Divelopa wa m'kabokosi kaja anali atayeretsa kale pang'ono pansi pa dayiyo.

Za divelopa ndifotokozepo bwino chifukwa ndi pamene tsitsi lambiri limathera. Voliyumu 10 ndi 3% ya perokisaidi, 20 ndi 6%, 30 ndi 9%, 40 ndi 12%. Anthu amathamangira 40 poganiza kuti tsitsi lakuda ndi lolimba. Lathuli limaoneka lolimba koma pokhota paliponse ndi pofooka, ndipo mafuta a pakhungu safika kunsonga mosavuta. Voliyumu 40 amatsegula chikuto cha tsitsi mwankhanza, amathamanga kufika pa olenji, mphamvu yake n'kutha msanga, ndipo amasiya tsitsi lokhakhala, lomwa madzi mwachangu n'kuuma mwachangunso. Tsitsi lotere silinyezimira, ndipo tona sakhalitsamo. Kuoneka kouma ngati kopaka kuja theka lake ndi mtundu, theka linalo ndi kuwonongeka kumeneku. Gwiritsani voliyumu 20 mufoyilo. Foyilo imasunga chinyezi ndi kutentha, choncho 20 amagwira ntchito pang'onopang'ono koma mofanana. Voliyumu 30 ndingamulole pa tsitsi latsopano lokhuthala kwambiri, kutali ndi khungu, ngati kuyesa kuja kwasonyeza kuti 20 akuimira pa 6. Kunsonga za dayi musakweze mphamvu, onjezerani nthawi yokha, chifukwa ndilo tsitsi lakale kwambiri pamutu panu.

Tsiku la ntchito, pitani ndi tsitsi limene munatsuka masiku awiri apitawo, lopanda jelo kapena mafuta ambiri, ndipo ngati munali ndi zoluka, muzimasule sabata imodzi isanakwane nthawiyo kuti khungu lipume. Aliwongole ndi dulaya pa moto wochepa kuti aone kutalika kwake kwenikweni. Tsitsi lopiringizika limabisa malo ouma m'kati, ndipo mawanga amachokera pamenepo.

Kaikidwe kake ndi kamene kamasiyanitsa ntchito yabwino ndi yoipa. Mutu ugawidwe panayi, kenako pagawo lililonse azitenga mizere yopyapyala, yoti mukaiyala pafoyilo chipeso chizionekera kudutsamo. Mzere ukakhuthala, bulichi amagwira kunja kokha, m'kati n'kutsala olenji. Pakati pa foyilo ndi foyilo azisiya tsitsi losakhudzidwa. Pa ulendo woyamba ndimakonda kuti pafupifupi theka la tsitsi likhale mmene lilili, ndipo ngakhale pomaliza penipeni gawo limodzi mwa magawo atatu litsale lakuda. Anthu amaopa kuti sadzaoneka bulondi, koma mdima wotsalawo ndi umene umapangitsa kuti uchi uja uoneke kuwala. Kukula kwa timagawo nakonso kuganiziridwe. Timizere tating'onoting'ono timene timakongola pa tsitsi lowongoka timasowa pa lathu likafupika litanyowa, n'kungopanga mtundu wosadziwika wotuwa. Timagawo ta theka la sentimita mpaka sentimita imodzi ndi timene timaonekera ngati piringidzo lowala pambali pa lakuda. Tisakhale tofanana tonse, ndipo tisayambire pamalo amodzi: ena ayambire masentimita awiri kuchokera pakhungu, ena anayi, ena asanu.

Kuti pasakhale mzere wodula pomwe bulichi wayambira, wokonza tsitsi atenge kagawoko, agwire nsonga, akankhire tsitsi lalifupi kutsinde ndi chipeso kawiri kapena katatu, n'kupaka lotsala m'manjalo. Burashi aziigwira choimika pofika kumtunda, azipaka mopepuka, koma kunsonga azithira mokwanira mpaka tsitsi libisike. Lokankhidwira kutsinde lija likadzapesedwa limasakanikirana ndi loyeralo, ndipo mtundu umasintha pang'onopang'ono.

Malo owala kwambiri akhale pamwamba pamutu ndi mozungulira nkhope, koma timatsitsi ta m'mphepete mwa chipumi ndi m'mbali mwa makutu asatikhudze. Ambiri a ife pamenepo panafooka kale ndi zoluka zokoka ndi guluu wa mawigi. Foyilo yoyamba iyambire sentimita imodzi kumbuyo kwake. Kunkhongo kukhale mafoyilo ochepa.

Kasakanizidwe n'kosavuta: magalamu 30 a ufa pa mamililita 60 a divelopa, pokhapokha ngati chitini chanena zina, ndipo ayeze pa sikelo osati ndi maso. Asakanize pang'onopang'ono, chifukwa bulichi akakhala m'mbale mphamvu imayamba kutha, ndipo mafoyilo omaliza amalandira wofooka. Tsitsi lodzaza la masentimita 15 likhoza kudya mbale zitatu kapena zinayi zotere. Ayambire kumbuyo kumene tsitsi ndi lokhuthala, amalizire kutsogolo kumene ndi lopyapyala ndipo limayera msanga. Kwa inu, m'foyilo iliyonse nsonga za dayi ndizo zifunika nthawi yambiri, choncho njira yabwino ndi kupaka nsongazo kaye, kudikira mphindi 10 mpaka 15, kenako kutsegula ndi kupaka gawo lapakati. Zimachedwetsa, koma ndi zimene zimachotsa mzere uja. Ngati saluniyo ili ndi mankhwala oteteza mphamvu ya tsitsi monga Olaplex, aikemo. Amathandiza ndithu kuchepetsa kuduka, koma sapereka chilolezo chokwezera divelopa kapena kupitirira nthawi.

Asakuikeni mu dulaya yovala kumutu kuti zifulumire. Kutentha kumatupitsa bulichi, amatuluka m'foyilo n'kudontha pa tsitsi losiyidwa lija, mawanga n'kubwera, komanso amauma, ndipo bulichi akauma wasiya ntchito. Poona ngati lafika, asangosuzumira m'foyilo. Phala loyeralo limanamiza, tsitsi limaoneka loyera kuposa mmene lilili. Apukute kachigawo n'kukayang'ana pawindo. Mafoyilo akumbuyo akafika, awatsuke okha pamene akutsogolo akupitiriza. Nthawi ya pachitini ikakwana, zonse zichoke, kaya nsonga zili pa 6. Kupakanso bulichi wachiwiri tsiku lomwelo pa nsonga zakale ndi njira yachidule yometera.

Tona ndiye amamaliza ntchito, ndipo lamulo lake lalikulu ndi loti sayeretsa. Amangoika mtundu pamwamba pa umene ulipo. Mukapaka tona wa levulo 9 pa tsitsi la olenji la levulo 6, palibe chimene chisinthe. Tona akhale wa levulo imene tsitsi lafika kapena woderapo ndi sitepe imodzi. Pepo amazimitsa chikasu, buluu amazimitsa olenji. Akhale wa mtundu wosakhalitsa kwambiri uja wopanda amoniya, wosakanizidwa ndi divelopa wofooka wa voliyumu 6 mpaka 10, kuti asayeretse tsitsi lanu lakuda limene tasiya. Dayi wokhalitsa wa voliyumu 20 akagwiritsidwa ntchito ngati tona amafiiritsa tsinde.

Pa machubu a dayi, nambala yoyamba ndi levulo, ya pambuyo pa kadontho ndi kapendekedwe ka mtundu. Makampani ambiri amagwirizana kuti 0 ndi wapakatikati, 1 ndi wa phulusa, 3 ndi wa golide, koma pa pepo amasiyana: L'Oréal amaika 2 pamene Wella amaika 6. Choncho manambala amene ndikupatsaniwa muwatenge ngati chitsanzo, wokonza tsitsi awafananitse ndi kampani imene amagwiritsa ntchito. Tiyerekeze kuti pakati pafika pa 8 ndipo nsonga pa 7. Asakanize mbale zitatu. Yoyamba ndi ya kutsinde, 4.0 kapena 5.0, yopaka kuyambira pakhungu mpaka kupitirira pang'ono pomwe bulichi anayambira, n'kuikokera pansi ndi chipeso cha mano otalikirana kuti isathere pamzere umodzi. Imeneyi ndiyo imalumikiza wakuda wanu ndi bulondi, ndipo popanda iyo kudumpha kuchoka pa 2 kufika pa 8 kumaoneka kwadzidzidzi. Yachiwiri ndi ya pakati, magawo awiri a 7.3 ndi gawo limodzi la 7.1. Mwaona kuti ngakhale pakati payera kufika pa 8, tikupabweza dala pa 7 kuti pasawale kuposa nsonga. Yachitatu ndi ya kunsonga. Zikafika pa 8 pa ulendo wachiwiri, magawo awiri a 8.3 ndi limodzi la 8.1 amapereka uchi wofatsa. Pa ulendo woyamba, ngati zili pa 7 zigwiritse ntchito mbale yachiwiri yomweyo, ndipo ngati zaimira pa 6 wa olenji, 6.0 ndi 6.1 mofanana zimapereka bulauni wowala wofanana ndi meshi ya nambala 30. Ndi mtundu wokongola woti mukhoza kuyenda nawo milungu ingapo osachita manyazi.

Ndikuchenjezeni za tona wa phulusa, chifukwa anthu oopa chikasu amathawira kumeneko. Akachuluka, tsitsi limatuwa mbuu, limaoneka lodera kuposa levulo yake, ndipo pa khungu lathu limachotsa moyo pankhope. Pa nsonga zoboola kwambiri amatha kupendekera ku mtundu wobiriwira. Golide sitikulimbana naye, tikungomuchepetsa ukali, n'chifukwa chake phulusa ndi gawo limodzi lokha mwa atatu. Tona apakidwe pa tsitsi lopukutidwa ndi thaulo, kutsinde koyamba, pakati pambuyo, nsonga pomalizira kwa mphindi 5 mpaka 10 zokha chifukwa zimamwa msanga. Zonse pamodzi zisapitirire mphindi 20, ndipo wina aziyang'ana nthawi yonseyo. Tsitsi lonyowa limaoneka lodera, choncho muweruze mtundu litauma, panja.

Ndondomeko ya miyezi ikhoza kuyenda motere. Kuyesa kuchitike sabata ino. Ulendo woyamba ukhale kumayambiriro kwa Sepitembala, wachiwiri kumapeto kwa Okutobala, patapita milungu 6 mpaka 8. Pa ulendo wachiwiri bulichi apite pa nsonga zimene zinatsalira ndi pa timagawo tatsopano tochepa pamwamba ndi kutsogolo. Pamene panafika kale pa 8 asabwerezepo, apapake kondishona wokhuthala kuti bulichi akaterereka asapagwire, chifukwa tsitsi limadukira pomwe bulichi wakumana ndi bulichi wakale. Sabata yoyamba ya Disembala mukangobwereza tona ndi kudula nsonga pang'ono. Musasiye bulichi kuti achitike masiku awiri musanakwere basi, chifukwa pakalakwika kanthu palibe nthawi yokonzera.

Pakati pa maulendowa tsitsi lifunika chinyezi kwambiri, ndipo Joni sathandiza. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya wa Ogasiti ndi Sepitembala mvula isanabwere ndi wouma, dzuwa lake ndi lakuthwa ndipo limafwifwitsa tona msanga. Tsukani kamodzi pasabata ndi shampu wofatsa ndi madzi osatentha kwambiri, ikani kondishona wolowerera kwa mphindi 20, ndipo pa milungu itatu kapena inayi iliyonse muikepo wa puloteni. Puloteni akachuluka tsitsi limauma gwa n'kumathyoka, ndiye musamupange wa sabata iliyonse. Gonani ndi duku la satini, ndipo mukamayenda nthawi yaitali padzuwa valani chipewa. Shampu wa pepo pa mtundu wa uchi safunika kawirikawiri: kamodzi pa milungu iwiri kwa mphindi zitatu ndi zokwanira, ndipo sachita kanthu pa olenji. Ngati mumasambira, nyowetsani tsitsi ndi madzi a pampopi ndi kupaka kondishona musanalowe, chifukwa kopa wa m'mankhwala a madamu osambira amagwira tsitsi loyeretsedwa n'kulibiriwitsa. Zoluka zokoka zidikire milungu iwiri. Mudziwenso kuti timagawo toyeretsedwa timamasuka kupotana pang'ono kusiyana ndi tinzake, ndipo pa voliyumu 20 kusinthako kumakhala kochepa. Rilakisa ndiye muiwale malinga ngati tsitsi la bulichi likadali pamutu. Ziwirizi zikakumana pa tsitsi limodzi, limathera m'beseni.

Ntchito imeneyi si yopanga nokha pagalasi, makamaka chifukwa cha mzere wa dayi uja, umene kumbuyo kwa mutu simungauone. Posankha saluni musayang'ane mtengo wokha. Pemphani zithunzi za tsitsi lachibadwa lopotana limene iwo eni anapanga, osati mawigi, chifukwa tsitsi la wigi silili pakhungu ndipo likawonongeka mumangovula. Afunseni divelopa amene agwiritse ntchito, ngati ayese kaye, ndiponso ngati mtengo ukuphatikiza tona. Amene akulonjezani nambala 27 tsiku limodzi asanagwire n'komwe tsitsi lanu, thokozani mutuluke. Muwauzenso chilichonse chimene chinapitapo m'mutu. Alongo athu ambiri a ku Mayfair ndi ku Fordsburg amakonda hina, ndipo hina wina wosakaniza komanso madayi ena a ufa amakhala ndi mchere wa zitsulo umene ukakumana ndi perokisaidi umatentha foyilo mpaka tsitsi kusungunuka. Pa kuyesa kuja, foyilo ikatentha moti simungaigwire, tsukani pompo ndipo musapitirize.

Khungu nalo liyesedwe maola 48 ntchito isanachitike, popaka pang'ono tona ndi dayi wa kutsinde kuseri kwa khutu, monga mmene pepala la m'bokosi likunenera. Kuti munapakapo dayi wakuda popanda vuto sikutanthauza kuti ndinu otetezeka, chifukwa thupi limatha kuyamba kudana ndi mankhwala a PPD amene ali m'madayi ambiri pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Ngati munajambulitsapo hina wakuda pakhungu n'kutupa, musapake dayi aliyense musanaonane ndi dokotala. Ngati m'mutu muli zilonda, mfundu yambiri yoyabwa kapena malo amene tsitsi likuthothoka, zichire kaye. Pa nthawi ya ntchito, kunyerenyesa pang'ono kumachitika, koma kuwotcha kwenikweni n'chizindikiro choti atsuke nthawi yomweyo ndi madzi ambiri ozizira, osadikira kuti mphindi zikwane. Matuza, zilonda zotuluka madzi kapena kutupa kwa zikope tsiku lotsatira n'zofunika kukiliniki tsiku lomwelo, mutatenga chubu kapena chithunzi cha mankhwala amene anagwiritsidwa ntchito. Milomo kapena nkhope zikayamba kutupa muli pampando, kapena mukamabanika, imeneyo ndi ngozi: imbani 112 pa foni ya m'manja kapena akuthamangitsireni kuchipatala chapafupi. Amene ali ndi mphumu anene asanayambe, chifukwa fumbi la ufa wa bulichi limaiyambitsa, ndipo asakanizire pamalo popita mphepo.